Kalata Yathu Inali ndi Mfundo Zonse, Koma Inalibe "Choncho"

Ndalama za CDF zitakwera mu 2022, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, achinyamata a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi tinasanduka alembi. Ngakhale amene anasiyira cholembera m'chipinda cha mayeso a Giledi 12 anayamba kuchifunanso. Makalabu analembetsedwa, mafomu anatengedwa, ndipo pambali pa fomu pankafunika kufotokoza ntchito imene gulu likufuna kuchita ndi ndalamazo. Ife a kalabu yathu, ya m'dera la Mkaika, tinadzuka mochedwa. Tinalemba mu 2024, ndipo chimene tinkafuna ndi makina oyengera mafuta a mpendadzuwa. Tinakhala pansi anthu asanu, aliyense analemba ndime yake, kenako tinazisonkhanitsa papepala limodzi, tili okondwa kuti ntchito yatha.

Tisanapereke pepalalo ku komiti ya chitukuko ya wodi yathu, tinapita nalo kwa aphunzitsi ena opuma pantchito amene anatiphunzitsa Chinyanja kusekondale. Anawerenga kawiri. Atavula magalasi anati, "Ana anga, palibe bodza ngakhale limodzi m'kalatamu. Koma ndikamaliza ndime iliyonse ndikudzifunsa kuti, ndiye?"

Tinakwiya pang'ono, chifukwa tinkayembekeza kuti akonza zilembo chabe. Koma onani nokha mmene kalatayo inalili. Tikayifupikitsa, ndime zake zinkayamba chonchi:

"Kalabu yathu ili ndi achinyamata 15 amene anamaliza sukulu koma sali pantchito."

"Komanso, alimi ambiri a m'dera lathu amalima mpendadzuwa."

"Komanso, mafuta ophikira ndi okwera mtengo m'magolosale."

"Komanso, magetsi akuzima kwa maola ambiri chaka chino."

"Komanso, kalabu yathu imasewera mpira ndipo imatola zinyalala pamsika."

"Pomaliza, tikupempha makina oyengera mafuta."

Ndime iliyonse inali ndi ziganizo zake zinayi kapena zisanu, zolembedwa bwino ndithu. Koma mukanatha kutenga ndime yachinayi n'kuiika poyamba, yachiwiri n'kuiika pamapeto, ndipo palibe chikanasintha. Pamenepo ndi pamene pali matenda. Ngati ndime za nkhani zingasinthane malo popanda wowerenga kuzindikira, ndiye kuti palibe imene ikutsamira pa inzake. Wolemba wangounjika mfundo, ndipo ntchito yoganiza kuti mfundozo zikukhudzana bwanji waisiyira wowerenga.

Ife tikuti ntchito imeneyo ndi ya wolemba, ndipo mawu olumikiza ndiwo umboni wakuti waichita. Ambiri a ife tinaphunzira mawuwa ngati zokongoletsera. Tinaloweza "choyamba", "chachiwiri", "kuwonjezera apo" ndi "pomaliza" kuti chimangirizo chioneke chadongosolo pamaso pa wochonga mayeso. Mawu amenewo amawerenga mfundo ngati mmene timawerengera matumba pa depoti ya FRA, ili loyamba, ili lachiwiri. Sanena kuti thumba loyamba likukhudzana bwanji ndi lachiwiri. "Komanso" nayenso ndi wa mtundu womwewo, ndipo ndiye amene amatinamiza kwambiri, chifukwa amalowa paliponse. Mungamuike pakati pa nkhani ya mpendadzuwa ndi ya mpira, ndipo sakana. Mawu amene sakana kulikonse sangakuuzeni pamene mwalakwitsa.

"Choncho" amakana. "Chifukwa" amakana. "Koma" amakana. Ukawaika pamalo posayenera, khutu limamva kuti china chake chaphonyeka, ndipo ubwino wawo ndi umenewo.

Aphunzitsi aja anatipatsa ntchito imodzi yokha. Anati tifufute "komanso" aliyense woyamba ndime, ndipo pakati pa ndime ziwiri zilizonse tidzifunse funso ili: kodi ndime yachiwiriyi ikupereka chifukwa cha yoyamba, ikupereka zotsatira zake, ikuitsutsa, kapena ikupereka chitsanzo chake? Yankho likapezeka, mawu olumikiza amabwera okha. Likasowa, ndiye kuti pali vuto loposa mawu.

Tinayamba ndi ndime ya mpendadzuwa ndi ya mtengo wa mafuta. Mnzathu wina anafulumira kulemba kuti, "Alimi ambiri amalima mpendadzuwa. Choncho mafuta ndi okwera mtengo." Tonse tinaseka, chifukwa nzeru zikukana. Mbewu ikachuluka, mafuta ake anayenera kutsika. Ubale wa mfundo ziwirizi ndi wotsutsana, ndipo mawu ake ndi "koma" kapena "komabe": "Alimi ambiri a m'dera lathu amalima mpendadzuwa. Komabe, mafuta ophikira ndi okwera mtengo m'magolosale athu." Titangolemba "komabe" ameneyo, funso linatulukira lokha: chifukwa chiyani zili tero? Ndipo tinaona kuti m'kalata yonse munalibe yankho. Tonsefe tinkalidziwa m'mutu, n'chifukwa chake palibe amene analilemba. Mpendadzuwa wambiri umachoka m'midzi yathu uli wosayenga, ogula amaukweza m'mathiraki n'kupita nawo ndi msewu wa Great East, ndipo mafuta amabwerera kwa ife ali m'mabotolo, mtengo wa ulendo wonsewo uli pamwamba. Imeneyi ndiyo inali mtima wa pempho lathu, ndipo inali isanalembedwe.

Ndime zitatu zija zitalumikizidwa, mitu yake inakhala chonchi:

"Alimi ambiri a m'dera lathu amalima mpendadzuwa chaka chilichonse."

"Komabe, mabanja a alimi omwewa amagula mafuta ophikira pamtengo wokwera. Izi zili choncho chifukwa mbewuyi imagulitsidwa yosayenga, ndipo imakayengedwa kutali."

"Choncho, makina oyengera akakhala pafupi, mlimi adzabwera ndi thumba lake n'kubwerera ndi mafuta, ndipo zotsalira zake zidzadyetsa nkhumba ndi nkhuku."

Onani kuti pempho la makina, limene poyamba linagwa mwadzidzidzi pamapeto ndi "pomaliza", tsopano likubwera wowerenga akuliyembekezera kale. Wa m'komiti akafika pa "choncho", maganizo ake amakhala atafika kale pamene ife tikufuna.

Apa ndi bwino kukumbutsana kakhalidwe ka mawu awiriwa, popeza ambiri timawasokoneza tikamalemba ngakhale kuti pokamba sitilakwitsa. "Chifukwa" amatsogolera gwero la chinthu, pamene "choncho" ndi abale ake, "motero" ndi "n'chifukwa chake", amatsogolera zotsatira. Tinganene kuti, "Tachedwa chifukwa basi inafera pa Sinda," kapena, "Basi inafera pa Sinda, choncho tachedwa." Nkhani ndi imodzi, koma poyambira ndi posiyana. Pakati pa ndime, kusankhaku kumakhala ndi ntchito yaikulu. Ukayamba ndime ndi "izi zili choncho chifukwa", ukubwerera m'mbuyo kukafukula muzu wa zimene wanena kale. Ukayamba ndi "choncho", ukupita patsogolo. Kalata yopempha ndalama iyenera kubwerera m'mbuyo kamodzi kapena kawiri chabe, kenako izipita patsogolo mpaka itafika pa pempho. Palinso "popeza", amene amagwira bwino ngati gwerolo wowerenga akulidziwa kale ndipo sangatsutse. Kwa anthu a m'komiti okhala m'dera lomweli tingalembe kuti, "Popeza mvula inavuta chaka chino," ndipo sitifunika kubweretsa umboni.

Ndime ya magetsi ndiyo inatiphunzitsa kwambiri. Amene anailemba anali ndi cholinga chabwino. Chaka chimenecho chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo iye anaona kuti kalata yokamba za mavuto a dera lathu singasiye nkhaniyi. Ili pa mndandanda ndi "komanso" wake, ndimeyi inkaoneka ngati vuto limodzi mwa mavuto ambiri. Koma titaifunsa funso la aphunzitsi lija, tinadzidzimuka. Magetsi sakuthandiza pempho lathu. Akulitsutsa. Makina amene tinalemba pa bajeti anali oyendera magetsi, ndipo ndime yathu yomwe inali kuuza komiti kuti makinawo adzangokhala.

Mawu oyenera pamenepo anali "ngakhale", ndipo "ngakhale" sayenda yekha. Ukalemba kuti, "Ngakhale magetsi akuzima maola ambiri," chiganizo sichinathe, chikudikira kuti unene chimene udzachite. Ife tinalibe chonena. Tinabwerera kukakambirana, tinafunsa eni zigayo za dizilo za m'midzi mmene amayendetsera ntchito yawo, ndipo tinasintha bajeti kuti mukhale injini ya dizilo. Pambuyo pake m'pamene chiganizo chinatha: "Ngakhale magetsi akuzima maola ambiri, ntchitoyi sidzaima, chifukwa makina amene tikupempha adzayendera injini ya dizilo monga zigayo za m'midzi." Mawu amodzi olumikiza anavumbula dzenje mu pulani yathu, dzenje limene "komanso" analiphimba bwinobwino kwa milungu iwiri.

Za "koma" tinaphunziranso kanthu kena kamene sitinkakaganizira. Zimene zimabwera pambuyo pa "koma" ndizo zimatsala m'mutu mwa wowerenga. Yerekezani ziganizo ziwiri izi: "Makinawa ndi okwera mtengo, koma adzatumikira midzi yambiri," ndi, "Makinawa adzatumikira midzi yambiri, koma ndi okwera mtengo." Mfundo ndi zomwezo, koma choyamba chikupempha ndipo chachiwiri chikudzikanira chokha. N'chimodzimodzi ndi ndime zathunthu. Ngati muli ndi ndime ya zovuta ndi ndime ya phindu, imene muiike pambuyo pa "koma" ndiyo ikhale imene mukufuna kuti ipambane.

Wina anganene kuti tikukulitsa nkhani yaing'ono. A m'komiti ali ndi mulu wa mapepala, amawerenga mothamanga, ndipo amafuna mfundo zazifupi. Fomu nayo ili ndi timabokosi, ndipo palibe kabokosi ka "komabe". Mbali ina ya mawuwa ndi yoona, ndipo sitiikana. Mayina a mamembala, manambala a ziphaso zawo, zinthu zogula ndi mitengo yake, zonsezi ziyenera kukhala pa mndandanda, ndipo wozilemba ngati nkhani angotopetsa anthu. Mndandanda umayenera pamene zinthu zili za mtundu umodzi ndipo palibe chimene chikudalira chinzake. Injini, malamba, zigubu ndi sefa zingasinthane malo popanda vuto. Koma pamene ukufuna kuti munthu avomereze kanthu, mfundo zako zimadalirana, ndipo wowerenga wothamanga ndiye amene amafuna kwambiri kuti umuonetse kudalirana kumeneko. Wa nthawi yambiri angakhale pansi n'kulumikiza yekha mpendadzuwa ndi mtengo wa mafuta. Wothamanga sachita zimenezo. Amaona mfundo zisanu zoyima payekhapayekha, amagwedeza mutu, n'kutenga pepala lotsatira. Ndiponso kulumikiza sikutalikitsa kalata. Yathu inafupika.

Chimene chimatidabwitsa n'chakuti pokamba, luso limeneli tili nalo tonse. Mverani mtsikana akufotokozera amayi ake chifukwa chake wabwera usiku kuchokera ku Chipata. Palibe mfundo imene imayima yokha. "Titafika pa siteshoni, basi inali isanadzaze. Itadzaza, kondakitala anayamba kukangana ndi munthu wa katundu. Ndiye poti kunali kutada, dalaivala anayenda pang'onopang'ono." Chiganizo chilichonse chikugwira mchira wa chinzake. Mverani akuluakulu pabwalo la milandu kwa amfumu, mmene amanenera "pakuti", "tsono", "ndiye kuti", asanafike pa chigamulo. Munthu amene angaime pabwalo n'kunena mfundo zisanu zosagwirizana, anthu amufunsa pomwepo kuti akulinga kuti. Pepala silifunsa. Mwina n'chifukwa chake tikagwira cholembera timataya zimene pakamwa pathu pamadziwa. Zaka zambiri tinakopera manotsi a mizeremizere kuchokera pa bolodi, ndipo lero timalemba pa WhatsApp mzere umodzi, kutumiza, mzere wina, kutumiza. Kumeneko mnzako akasokonezeka amafunsa nthawi yomweyo. Wa m'komiti alibe nambala yako m'manja pamene akuwerenga.

Kachitidwe ka mtsikana uja, kogwira mchira, ndiko njira yachiwiri yolumikizira ndime, ndipo Chinyanja n'cholemera nayo. Sikuti ndime iliyonse iyenera kuyamba ndi "choncho" kapena "komabe". Nkhani yotero imamveka ngati munthu wowomba ng'oma imodzimodzi. Nthawi zambiri n'kokwanira kutenga liwu la kumapeto kwa ndime yapitayo n'kuliika koyambirira kwa yatsopano, litavala kachizindikiro kolozera. Ndime ikatha ndi nkhani ya zotsalira za mpendadzuwa, yotsatira iyambe kuti, "Zotsalirazi tidzazigulitsa kwa oweta nkhumba." Kachidutswa ka "zi" kumapeto kwa liwuko kakuuza wowerenga kuti ndi zomwe zija wangowerenga kumene. Tili ndi "vutoli", "mbewuyi", "makinawa", "ndalamazi" zolozera chimene chili pafupi. Tilinso ndi "ja" wolozera chimene tinachisiya kale m'mbuyo: "injini ija", "alimi aja". Ukalemba "alimi aja" pa ndime yachisanu, wowerenga amabwerera yekha ku ndime yoyamba popanda iwe kubwereza nkhani yonse.

Njira imeneyi ndiyo inapezera malo ndime yathu yoyamba, ya achinyamata 15 osowa ntchito. Tinkaiona ngati khomo la kalata chifukwa ndife eni ake. Koma ili poyamba sinkagwira chilichonse, popeza palibe "choncho" wochoka pa ulova wathu kupita pa mpendadzuwa. Tinaisamutsira pambuyo pa ndime ya makina, ndipo inayamba ndi mawu akuti, "Makinawa adzafuna anthu owayendetsa, oyeza mbewu ndi osunga mabuku a ndalama. Ntchito zimenezi zidzagwiridwa ndi achinyamata 15 a kalabu yathu." Tsopano ife tikuoneka m'kalata ngati yankho la funso limene wowerenga ali nalo kale.

Chenjezo limodzi n'lofunika, chifukwa ena akamva zimenezi amathamangira kuwaza "choncho" paliponse. Mawu olumikiza angathenso kunama. Taona makalata a anzathu olembedwa kuti, "Achinyamata ambiri amamwa mowa. Choncho tikupempha ndalama zogulira nkhuku." Pooneka pali kulumikiza, koma pakati pa mowa ndi nkhuku pali masitepe awiri kapena atatu amene wolemba wawalumpha, ndipo mwina ena mwa iwo sangaime n'komwe. "Choncho" wabodza ndi woipa kuposa "komanso", chifukwa akulonjeza kuti wolemba waganiza pamene sanaganize. Njira yomugwira ndi yosavuta: tembenuzani chiganizocho ndi "chifukwa". "Tikupempha nkhuku chifukwa achinyamata amamwa mowa." Ngati mwaseka, pali chosowa.

Tisanapite nayo kalata ija, tinaiyesa njira ziwiri. Yoyamba, tinawerenga chiganizo choyamba chokha cha ndime iliyonse, motsatizana, kusiya zina zonse. Ziganizo zimenezo pazokha zinafotokoza nkhani yonse, kuyambira pa mlimi mpaka pa pempho, pamene m'kalata yakale zinkamveka ngati mitu ya nkhani za pa wailesi. Yachiwiri, mmodzi wa ife anaiwerengera agogo ake mokweza, atawapempha kuti azimudula paliponse pamene atayika. Anamudula kamodzi, pa ndime ya mpira ndi zinyalala. "Nanga mpirawo ukuyenga mafuta, mdzukulu wanga?"

Ndime imeneyo tinali titailimbikira masiku angapo. Tinayesa "chifukwa", sizinagwire. Tinayesa "mwachitsanzo", poganiza kuti ingakhale chitsanzo cha kugwirizana kwathu, koma panalibe ndime yokamba za kugwirizana imene ikanaitsogolera. Pamapeto pake tinapulumutsa mzere umodzi wokha, wakuti takhala tikusonkha ndalama za mayunifomu ndi kuzilemba m'buku, ndipo tinaulumikiza ku ndime ya osunga mabuku a ndalama ndi mawu akuti "ntchito imeneyi si yachilendo kwa ife". Zina zonse tinafufuta. Mwini ndimeyo, amene ndi goloyi wa timu yathu, anakhala sabata yathunthu osatiyankha pa gulu la WhatsApp, ndipo mpaka lero amati kalatayo ikanakoma kwambiri mukanakhala zigoli zimene anatchinga.